Denga la malata lizipuma: mipata ya m'munsi ndi ya pamsana

Ine ntchito yanga ndi yokhoma madenga, ndipo mwandipempha kuti ndifotokoze za kutentha kwa m'nyumba za malata. Nkhaniyi ndi yaikulu, ndiye ine nditenga mbali imodzi yokha: mipata imene timasiya m'munsi mwa denga ndi pamsana pake, kuti mpweya wotentha uzituluka. Ndinena mmene mipatayo imagwirira ntchito, kukula kwake, kakhomedwe kake, ndiponso zimene zimalakwika. Ndikhudzanso za udzudzu, chifukwa mpata wotulukira kutentha ndi womwewonso udzudzu umalowerapo, ndipo munthu akaiwala zimenezi angachotse thukuta n'kuitana malungo.

Tiyambe ndi chimene chimachitika pamwamba pa mitu yathu. Mu Okutobala ndi Novembala, ku Tete, ku Moatize ndi ku Changara kutentha kwa panja kumapitirira madigiri 40. Pa nthawi imeneyo lata limene lili padzuwa limatentha kuposa pamenepo, limatha kufika madigiri 60 kapena 70, moti simungaikepo dzanja. Latalo limatenthetsa mpweya umene uli pansi pake. Mpweya ukatentha umapepuka ndipo umakwera, monga mmene utsi umakwerera m'khitchini. Denga la udzu lili ndi timipata tambirimbiri, ndiye mpweya wotentha umadutsa wokha, n'chifukwa chake makolo athu sankavutika ndi nkhaniyi. Koma lata lilibe timipata. Mpweya ukakwera n'kufika pamsana pa denga, n'kupeza potseka, umangodzazana pomwepo, kutentha n'kuyamba kutsikira m'zipinda. Dzuwa likalowa lata limazizira msanga, koma zipupa, matabwa ndi siling'i zimakhala zamwa kutentha tsiku lonse, ndipo zimakubwezerani usiku. Mwaziona: ana akulira, akuluakulu atulutsa mphasa kukagona pakhonde, neti yatsala m'nyumba.

Kuti mpweya woterewu uchoke pamafunika zipata ziwiri, cholowera ndi chotulukira. Chotulukira chikhale pamwamba penipeni, pamsana pa denga pamene malata a mbali ziwiri amakumana. Cholowera chikhale m'munsi, pamene denga limakhala pa chipupa. Mpweya wotentha ukamatuluka pamwamba, umakoka wa panja kuti ulowe m'munsimo, ndipo wolowawo umayenda pansi pa malata n'kutenga kutentha kukataya kunja. Chipata chimodzi chokha sichikwanira. Mukatsegula pamwamba pokha, mpweya sutuluka wambiri chifukwa palibe wina wolowa m'malo mwake. Mukatsegula m'munsi mokha, mphepo ikaomba imadutsako ndithu, koma tsiku lopanda mphepo kutentha kumatsalira kumsana. Paja mbaula imene mwatseka chibowo chake cha pansi siyaka bwino, ngakhale pamwamba pali poyera. Denga nalonso n'chimodzimodzi.

Chinthu china chofunika kudziwa n'chakuti mphamvu yokoka mpweyayi imadalira kutalikirana kwa zipata ziwirizi kuchoka pansi kupita m'mwamba. Denga lotsetsereka bwino, limene msana wake wakwera mita imodzi kapena kuposa kuchokera pamwamba pa chipupa, limakoka bwino. Denga logona, limene malata ake angopendekeka pang'ono, limakoka mofooka, ndipo limadalira kwambiri mphepo. Choncho amene simunamange, musamaumirize mmisiri kugoneka denga pofuna kupulumutsa lata limodzi kapena thabwa limodzi. Mudzalipira ndi tulo.

Kukula kwa mipata

Funso limene ndimalandira kawirikawiri ndi lakuti mpatawo ukhale waukulu bwanji. Pali muyeso umene umapezeka m'malamulo a zomangamanga a ku America, ndipo amisiri a m'maiko ambiri amayambira pomwepo. Umati malo onse otseguka, kuphatikiza olowera ndi otulukira, akhale gawo limodzi mwa magawo 150 a kukula kwa pansi pa nyumba. Kunena mosavuta, sikweya mita iliyonse ya pansi imafuna kabowo ka pafupifupi masentimita 7 m'lifupi ndi 10 m'litali, kofanana ndi chikhatho cha munthu wamkulu. Theka la mipatayo likhale m'munsi, theka lina pamwamba. Muyeso umenewu anaukonza poganizira kwambiri za chinyezi m'maiko ozizira, ndiye kwa ife a kuchigwa cha Zambezi tiutenge ngati poyambira chabe. Kuchepera pamenepo ayi, koma kuwirikiza kawiri ndi bwino.

Tiyeni tiwerengere pa nyumba yodziwika, ya mamita 6 m'lifupi ndi mamita 8 m'litali, ya denga lotsetsereka mbali ziwiri, msana wake woyenda m'litali mwa nyumba. Pansi pake ndi masikweya mita 48. Tikagawa ndi 150 tikupeza masikweya sentimita 3,200. Theka lake ndi 1,600. Ndiye m'munsi mukufunika 1,600 ndipo pamwamba 1,600, osachepera apo.

Koma pali chinthu chimene ambiri amaiwala. Mipata imeneyi tiitchinga ndi waya wa sefa woletsa udzudzu, ndipo wayayo amadya malo. Timawaya take, pamodzi ndi fumbi limene limakakamirapo, timachepetsa njira ya mpweya ndi pafupifupi theka. Choncho chilichonse chimene mwayeza ndi tepi, mugawe pawiri, chotsalacho ndicho mpata weniweni.

M'munsi, nyumba yathuyi ili ndi zipupa ziwiri zazitali, chilichonse mamita 8, pamodzi mamita 16, amene ndi masentimita 1,600. Tikasiya mpata wa masentimita 5 pamwamba pa zipupazo, womwe ndi utali wa bokosi la machesi kapena zala zitatu, tikupeza 8,000. Mapaso ndi tinjerwa tochirikiza zitenga pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 5, kutsala 6,400. Sefa atenga theka, kutsala 3,200. Pamwamba, msana ndi wa masentimita 800. Tikasiya mpata wa masentimita 8 pakati pa malata a mbali ziwiri tikupeza 6,400, sefa n'kutenga theka, kutsala 3,200. Mwaona kuti m'munsi ndi pamwamba pafanana, ndipo paliponse tawirikiza kawiri muyeso woyambira uja. Ngati simungafananitse, m'munsi ndi mmene mukhale mokulirapo. Pamwamba pakakula kuposa m'munsi, denga limayamba kukoka mpweya kudzera m'ming'alu ya siling'i, ndipo mphepo ikaomba ina imalowera kumsana komweko pamodzi ndi fumbi.

Kakhomedwe ka pamsana

Tsopano tikwere padenga. Mitanda iwiri ya pamwamba, imene malata amakhomedwapo, isagundane pamsonga. Uliwonse ukhale masentimita 10 mpaka 15 kuchokera pakati. Malata a mbali iliyonse alekeze masentimita 4 asanafike pakati, kuti mbali ziwiri zikaphatikizana patsale mpata wa masentimita 8 uja. Mukatero tengani pulayala, mupinde m'mwamba nsonga za ngalande za lata, mmene madzi amayenda muja. Kupindako kumapanga kakhoma kakang'ono kotchinga madzi amene mphepo imawakankhira kumtunda. Ndi ntchito ya ola limodzi, koma ndi imene imasiyanitsa msana wodontha ndi wosadontha.

Kenako yalani sefa pamwamba pa mpatawo, kuyambira kumapeto mpaka kumapeto, apitirire masentimita 10 pa lata la mbali iliyonse. Mumukanikize ndi zala kuti alowe m'ngalande iliyonse, ndipo pamene patsala kabowo mutsekepo ndi kachidutswa ka sefa kokulunga. Pamwamba pa sefayo ikani timatabwa tochindikala masentimita 3, motalikirana masentimita 40 kapena 50, molunjika pa mtanda wa pansi. Timatabwati ndi timene tinyamule chipewa cha denga, lata lopindika lija lovundikira msana, limene m'masitolo a zomangira amalitcha kumeeira pa Chipwitikizi. Chipewacho chikakhala pa timatabwa, mbali zonse ziwiri pamatsala mpata wa zala ziwiri wotulukira mpweya. Tikawerenga, masentimita 3 kuchulukitsa ndi 800, mbali ziwiri, ndi 4,800, ndipo ngakhale tichotsepo malo a timatabwa patsalabe okwanira bwino.

Chipewa chikhale chachikulu ndithu. Chivundikire lata masentimita 15 mbali iliyonse, ndipo ngati denga ndi logona, 20. Chipewa chopapatiza chikakwezedwa, mvula ya mphepo imalowa. Misomali nayo ikhale yaitali kuposa ya masiku onse, chifukwa iyenera kudutsa chipewa, kathabwa ndi lata, n'kukalowa mu mtanda masentimita 4 kapena kuposa. Msomali umene wangoluma kathabwa kokha sunagwire kanthu, ndipo kamvuluvulu woyamba adzanyamula chipewacho. Kumapeto kwa msana, mbali zonse ziwiri, pindani chipewa kapena tsekanipo, chifukwa pamenepo ndi pamene mbalame ndi mileme zimakonda kulowera.

Ena mwa inu muli ndi denga lokhoma kale, chipewa chinakhala pa lata penipeni. Musataye mtima, chifukwa pamenepo pali kale timipata. Lata lathu la mizere yozungulira lili ndi ngalande zakuya pafupifupi masentimita 2, ndiye chipewa chikakhala pa mizere, pansi pake pamatsala timabowo pa ngalande iliyonse. Pa nyumba ya mamita 8 timabowo timeneti tikaphatikizana timafika pafupifupi masikweya sentimita 1,400, pang'ono kukwana 1,600 uja. Malata a mizere ikuluikulu otchedwa IBR amasiya mipata yokulirapo. Vuto n'lakuti eni nyumba ambiri amauza mmisiri kuti amate timaboboti ndi simenti poopa fumbi, osadziwa kuti akutseka mphuno za nyumba. Vuto lina n'lakuti pansi pa chipewa malata amakhala atagundana kapena kupitirirana, ndiye ngakhale timabowo tilipo, mpweya ulibe podzera. Lowani m'nyumba masana, kapena suzumirani pa chitseko cha siling'i, muyang'ane kumsana. Mukaona kuwala pang'ono kotsatira mzere wonse, njira ilipo. Mukaona mdima wokhawokha, patsekeka.

Ngati kuzula chipewa kukukuvutani, pali njira ina. Pa zipupa ziwiri zosongoka za kumapeto kwa nyumba, boolani zenera la masentimita 40 mbali zonse, pamwamba momwe mungathere, koma musiye mizere iwiri kapena itatu ya njerwa pansi pa matabwa a denga kuti chipupa chisafooke. Zenera lililonse ndi 1,600, sefa akatenga theka ndi 800, awiriwo pamodzi 1,600, kukwana muyeso woyambira. Ikanipo kalata kakang'ono pamwamba ngati kambali ka chipewa, kapena timatabwa topendekera kunja, kuti mvula isalowe. Njirayi siposa kutsegula msana wonse, chifukwa pakati pa nyumba mpweya umayenda pang'ono, koma imathandiza ndipo sikhudza malata.

Kakhomedwe ka m'munsi

M'munsi ntchito yake ndi yosavuta, koma ndi mmene muli ngozi zambiri. Amisiri ambiri akamaliza kukhoma malata amadzaza njerwa pakati pa mapaso mpaka kugunda lata. Ife tilekeze njerwazo masentimita 5 tisanafike pa mtanda kapena pa lata, n'kukhoma sefa pa mpatawo. Sefayo agwidwe ndi kathabwa kokhomera pamwamba pake, osati misomali yokha, chifukwa misomali yokha imamung'amba. M'munsi mwake mumulowetse m'pulasitala kapena mumupanikize ndi thabwa pa chipupa. Musaiwalenso timabowo ta pansi pa mizere ya lata, pamene lata lakhala pa mtanda. N'tating'ono m'maso mwanu, koma kwa udzudzu ndi khomo. Titsekeni ndi sefa wokulunga.

Denga lipitirire chipupa masentimita 40 mpaka 60. Likatero mvula sifika pa mpata, chipupa chimakhala pamthunzi, ndipo mpweya wolowa umachokera pamthunzi pomwepo. Ngati pansi pa kupitirirako mwakhoma matabwa okongoletsa, muonetsetse kuti nawonso ali ndi mpata wa sefa, apo ayi mwatseka chipata ndi manja anu. Amene muli ndi siling'i, mpata ukhale pamwamba pa siling'i, ndipo musaunjike matumba, zikopa kapena makatoni m'mphepete mwake mpaka kutseka njira.

Sefa wabwino ndi wachitsulo chosachita dzimbiri msanga kapena wa aluminiyamu, wa timaso tosapitirira milimita imodzi ndi theka. Wa pulasitiki ndi wotsika mtengo, koma pansi pa lata lotentha amauma n'kuyamba kuthetheka, ndipo makoswe amamudula mosavuta. Neti yogonamo siyenera kudulidwa n'kukhomedwa padenga, ntchito yake ndi ya pabedi.

Pano ndiime pang'ono pa nkhani ya malungo, chifukwa si yamasewera. Udzudzu wofalitsa malungo kuno kwathu umatsata fungo la anthu ogona. Fungolo limakwera ndi mpweya wofunda n'kutulukira m'mipata ya pamwamba pa chipupa. Udzudzu ukafika pa chipupa umauluka chokwera, n'kupeza mpata, n'kulowa. N'chifukwa chake akatswiri a za malungo amati mpata wa pansi pa denga ndi khomo lalikulu la udzudzu. Ku Gambia anachita kafukufuku amene zotsatira zake zinatuluka m'chaka cha 2009. M'nyumba zimene anaikamo sefa, kaya pa zitseko ndi mazenera n'kutseka mipata ya denga, kaya ngati siling'i, udzudzu wolowa unachepa ndi pafupifupi theka, ndipo ana operewera magazi anali ochepa kuyerekeza ndi a m'nyumba zopanda sefa. Ndiye pali njira ziwiri zolakwika. Kutseka mipata yonse ndi matope kumachepetsa udzudzu, koma nyumba imatentha mpaka anthu kuthawa neti. Kusiya mipata pululu kumaziziritsa nyumba, koma udzudzu umalowa mwaufulu. Mpata wotchinga ndi sefa ndiwo umathetsa mbali zonse ziwiri. Ndipo ngakhale mutaika sefa, neti musaisiye.

Chachiwiri choopsa ndi mphepo. Tonse tikukumbukira namondwe Ana mu Januwale 2022 ndi Freddy mu Malichi 2023, mmene nyumba zambiri zinaonongekera m'chigawo chino ndi kwa anansi athu ku Malawi. Mphepo yamkuntho imayamwa denga kuchokera pamwamba, ndipo ikalowa pansi pake imalikankhanso. Pali nyumba zambiri zimene denga lake likungogwidwa ndi njerwa zodzaza pakati pa mapaso zija, pamodzi ndi miyala yosanjikiza pamwamba. Mukachotsa njerwazo kuti mutsegule mpata, mwachotsanso chimene chimagwira denga. Choncho musanachotse njerwa ngakhale imodzi, yang'anani ngati phaso lililonse lamangidwa ndi waya wochindikala kapena kachitsulo kaphanthi kolowa m'chipupa. Wayayo atsike mizere 5 kapena 6 ya njerwa, kuti mphepo ikafuna kunyamula denga inyamule ndi chipupa chomwe. Ngati mawaya mulibe, yambani mwaboola chipupa n'kumanga, mpata ubwere pambuyo.

Madenga otsetsereka mbali imodzi

M'matauni mwathu nyumba zambiri zili ndi denga lotsetsereka mbali imodzi, ndipo zina chipupa chimakwera kupitirira malata kutsogolo ndi m'mbali kuti denga lisaoneke. Denga lotere lilibe msana, koma lamulo ndi lomwe lija. Cholowera chikhale pa chipupa chachifupi, chotulukira pa chipupa chachitali, pansi penipeni pa malata. Ikanipo njerwa zoboola kapena mazenera ang'onoang'ono otsatizana, okhala ndi sefa m'kati. Cholakwika chimene ndimachiona kawirikawiri n'chakuti njerwa zoboolazo amaziika pamwamba pa zenera, theka la mita pansi pa malata. Mpweya wotentha kwambiri umakhala pamwamba pa mabowo amenewo, ndiye sutuluka. Poti denga lotere nthawi zambiri ndi logona, mabowo ake akhale okulirapo kuposa muyeso uja.

Zimene mipata singachite

Ndisakunamizeni kuti mukatsegula mipata nyumba isanduka ngati ya udzu. Lata limatenthetsa munthu m'njira ziwiri. Yoyamba ndi mpweya wotentha uja. Yachiwiri ndi kuwamba, monga mmene moto umakuwambirani kumaso mukakhala chapatali ngakhale mphepo ikuomba. Mipata imachotsa mpweya wotentha, koma kuwamba sikuchotsa. Chimene chimatchinga kuwamba ndi siling'i. Siifunika kukhala ya m'sitolo. Mphasa za bango kapena nsungwi zoluka, zokhomedwa mosasiya mipata, zimagwira ntchito. Siling'i ndi mipata zimayendera limodzi: siling'i imaimitsa kutentha pamwamba, mipata n'kukutulutsa. Siling'i yopanda mipata imasandutsa denga uvuni, ndipo pofika madzulo siling'iyo imayamba kukuwambani. Kupaka malata penti yoyera kumathandizanso, chifukwa lata loyera limabweza dzuwa lambiri, pamene lakuda kapena ladzimbiri limalimwa. Komanso dziwani kuti mipata singaziziritse denga kuposa mpweya wa panja. Panja pakakhala madigiri 40, wolowawo ndi wa 40. Phindu lake n'lakuti m'denga simufika kutali kwambiri kuposa pamenepo, ndipo dzuwa likalowa nyumba imazizira msanga.

Ngati nyumba ilibe siling'i, chipinda ndi denga ndi malo amodzi. Pamenepo mpata wa pamsana umathandizabe, koma mpweya wolowa pamwamba pa chipupa umadutsa pamwamba pa mitu yanu osakufikani. Ndiye mufunikanso mazenera a sefa otseguka, kuti mpweya ulowere m'munsi, udutse pamene mwagona, n'kukatulukira kumsana.

Abale a kumapiri, ku Ulongwe ndi ku Tsangano, mwina mukuti kwathu vuto ndi chisanu cha mu Juni ndi Julaye. N'zoona, koma inunso mipata ikukukhudzani. M'mawa wa chisanu malata amachita thukuta m'kati n'kumadonthera pa zofunda. Si kudontha kwa mvula kumeneko. Ndi chinyezi chochokera m'kupuma kwa anthu, m'kuphika ndi m'zovala zonyowa, chimene chimasanduka madzi chikagunda lata lozizira. Chikakhalitsa chimadetsa ndi kuoletsa matabwa, misomali n'kuchita dzimbiri. Mipata imatulutsa chinyezicho, denga n'kumauma msanga. Kwa inu muyeso woyambira uja ndi wokwanira, simufunika kuwirikiza. Mukakhala ndi siling'i yotseka bwino, mphepo yodutsa m'denga sikufikani. Mukakhala mulibe, konzani timatabwa totsekera mipata ya m'munsi mbali yochokera mwera m'miyezi yozizira, n'kudzatichotsa mu Sepitembala. Koma mipata ya denga isakupatseni mtima wogona ndi mbaula ya makala m'nyumba. Mpweya wa makala ulibe fungo ndipo umapha anthu ali m'tulo, mipata ilipo kapena palibe.

Kudziwa ngati zikugwira ntchito

Mukamaliza, yesani. Sankhani tsiku ladzuwa lopanda mphepo, cha m'ma 1 koloko masana. Mangani kanthenga ka nkhuku kofewa ku ulusi, mukayandikize pa mpata wa m'munsi muli panja. Kakamakokedwa kupita ku sefa, denga likupuma. Kakangolendewera, yang'anani kumsana, chifukwa nthawi zambiri kotseka ndi kumeneko. Ena amayesa ndi utsi wa kansanza, koma pafupi ndi siling'i ya bango moto musaufikitse. Amene mungabwereke choyezera kutentha, yezani panja pamthunzi, kenako m'denga chapakati, osagunditsa lata. Yezani musanatsegule mipata ndiponso mutatsegula, pa ola lomwelo, muone mmene kusiyana kwa panja ndi m'denga kwachepera.

Mvula ikayamba, yang'anani siling'i kapena pansi molunjika msana. Mukaona mzere wonyowa pamenepo pambuyo pa mvula ya mphepo, ndiye kuti chipewa chachepa kapena nsonga za ngalande sizinapindidwe. Mankhwala ake ndi chipewa chokulirapo, osati simenti. Mukamva fungo loipa, n'kumaona titosi takuda tonga mpunga pa chipupa kapena pa siling'i, mileme yapeza polowera, ndipo imakwana pa mpata wa chala chimodzi. Dikirani ituluke madzulo, muone pamene ikutulukira, mutseke ikapita. Musaigwire ndi manja, ndipo posesa zitosi zake muwaze madzi kaye n'kuphimba mphuno. Sefa naye amatsekeka ndi fumbi, ukonde wa akangaude ndi mwaye, makamaka ngati mumaphika m'nyumba. Mumusese ndi burashi kapena katsache kawiri pa chaka, mu Sepitembala kutentha kusanafike pachimake, ndi mu Epulo mvula ikatha. Posesapo muoneretu pamene pang'ambika.

Ndikupemphani kuti mukafika kunyumba muzungulire nyumba yanu, muyang'ane zinthu zinayi. Kodi pamwamba pa chipupa pali mpata? Kodi kumsana kukuoneka kuwala? Kodi mipatayo ili ndi sefa wosang'ambika? Kodi mapaso amangidwa ku chipupa? Amene mukukonzekera kukhoma denga chaka chino, mukambirane ndi mmisiri wanu za mipata imeneyi asanadule lata loyamba, chifukwa pa nthawi imeneyo chowonjezera ndi sefa, timatabwa ndi misomali yaitali basi. A wapampando andiuza kuti pali nthawi ya mafunso, ndiye amene mwabwera ndi miyeso ya nyumba zanu tiwerengere limodzi pompano.